Zimene makina a fMRI amayeza kwenikweni muubongo

fMRI ndi njira yojambulira ubongo wa munthu wamoyo pamene akuchita chinachake, monga kuwerenga, kumvetsera mawu kapena kugwedeza zala. Zithunzi zake n'zodziwika: ubongo wotuwa, pena pake pali madontho ofiira ndi achikasu. Amene amafalitsa zithunzizi amakonda kunena kuti mbali imeneyo ya ubongo yayaka, ndipo woona amangoganiza kuti makinawo aona maselo a ubongo ali pantchito. Si mmene zilili. Chimene makinawo amayeza ndi kusintha pang'ono kwa mphamvu ya maginito m'mbali mwa mitsempha ya magazi, ndipo kusinthako kumabwera chifukwa cha kuchuluka kapena kuchepa kwa okosijeni m'magazimo. Akatswiri amatchula chizindikiro chimenechi kuti BOLD, chidule cha mawu achingerezi onena kuti chimadalira mlingo wa okosijeni m'magazi. Kuchokera pa selo la ubongo kukafika pa dontho lofiira pali mtunda, ndipo pali zambiri zimene zimatayika panjira.

Makina a fMRI ndi omwewo a MRI amene madokotala amajambulira chotupa kapena kutupa kwa ubongo. Pakati pake pali maginito aakulu okhala ndi chibowo chimene munthu amalowamo chogona. Mphamvu ya maginitowo imayezedwa m'matesila, ndipo makina ambiri ofufuzira ubongo amakhala a matesila 3, mphamvu yoposa maginito a dziko lapansi pafupifupi ka 60,000. Makinawo samva maselo, samvanso magazi mwachindunji. Amamva madzi. Thupi la munthu ladzaza ndi madzi, m'madzimo muli haidirojeni, ndipo pakati pa atomu iliyonse ya haidirojeni pali kanthu kotchedwa pulotoni, kamene kali ndi mphamvu yakeyake ya maginito. Kakaikidwa m'maginito amphamvu kamazungulira mopendekeka, ndipo liwiro lake limadalira mphamvu ya maginito pamalo pomwe kalipo. Pa matesila 3 kamazungulira ka 128 miliyoni pa sekondi imodzi.

Makinawo amatumiza mafunde a wailesi kwa kanthawi kochepa kwambiri, ndipo mapulotoni onse amayamba kuzungulira pamodzi mogwirizana. Akamayendera limodzi chonchi amatulutsa kamphamvu ka wailesi kamene makina amatola. Koma mgwirizanowu sukhalitsa. Ngati mphamvu ya maginito ili yosiyana pang'ono pakati pa malo oyandikana, mapulotoni ena amathamanga, ena n'kutsalira, ndipo kamphamvu kaja kamazilala msanga. Kumene maginito ali osalala bwino, kamachedwa kuzilala. Nthawi yozilalayo akatswiri amailemba T2*. Pojambula fMRI pa matesila 3, makina amadikira mamilisekondi pafupifupi 30 asanayeze kamphamvu kotsala, kuti malo amene kazilala msanga aoneke akuda ndipo amene kachedwa aoneke owala.

Apa m'pamene magazi amalowera. Okosijeni amayenda m'thupi atanyamulidwa ndi himogulobini, chinthu chimene chimafiiritsa magazi, ndipo himogulobini aliyense ali ndi maatomu anayi a ayironi pomwe okosijeni amamatirira. M'chaka cha 1936, Linus Pauling ndi Charles Coryell ku California anapeza kuti himogulobini amasintha khalidwe malinga ndi katundu wake. Akanyamula okosijeni, sakopedwa ndi maginito ndipo sasiyana kwenikweni ndi minofu yomuzungulira. Akatula okosijeni, ayironi uja amayamba kukopedwa pang'ono ndi maginito. Choncho mtsempha wodzaza ndi magazi amene atula kale okosijeni umasokoneza kusalala kwa maginito m'kati mwake ndi m'mbali mwake, ndipo madzi apafupi amataya kamphamvu kawo msanga.

Amene anasonyeza kuti zimenezi zingaoneke muubongo wamoyo ndi Seiji Ogawa, wasayansi wa ku Japan amene ankagwira ntchito ku Bell Laboratories ku America. M'chaka cha 1990 iye ndi anzake anajambula ubongo wa makoswe m'maginito amphamvu kwambiri. Nyamazo zikamapuma okosijeni yekhayekha, chithunzi chinkakhala choyera bwino. Okosijeni akachepetsedwa, pankatuluka timizere takuda tambirimbiri, ndipo timizereto tinali mitsempha yochotsa magazi muubongo. Magazi enieniwo anali atakhala utoto wojambulira, popanda kubaya jakisoni aliyense. M'chaka cha 1992 magulu atatu, la Kenneth Kwong ku Boston, la Ogawa ndi anzake a ku Minnesota, ndi la Peter Bandettini ku Milwaukee, anafalitsa zithunzi za ubongo wa anthu zojambulidwa mwa njira imeneyi.

Munthu woganiza mwachidule angayembekezere kuti mbali ya ubongo imene ikugwira ntchito kwambiri ide pachithunzi. Maselo ake akudya okosijeni wambiri, ndiye kuti himogulobini wopanda okosijeni achuluka. Koma zimene zimachitika n'zosemphana ndi zimenezo: malowo amawala. Chifukwa chake ndicho phata la nkhani yonseyi. Ubongo susunga chakudya chokwanira. Ngakhale kulemera kwake kuli pafupifupi 2 peresenti ya thupi, umadya pafupifupi 20 peresenti ya mphamvu zonse za thupi pamene munthu akupuma, ndipo shuga ndi okosijeni ziyenera kubwera ndi magazi mosalekeza. Maselo a pamalo ena akayamba kulandira mauthenga ambiri, iwo pamodzi ndi maselo owathandiza otchedwa asitirosaiti amatulutsa tinthu monga naitiriki okusaidi ndi potaziyamu, timene timamasula minofu yozungulira timitsempha tobweretsa magazi. Timitsemphato timatanuka, magazi n'kukhamukira pamalopo. Ndipo magazi obwerawo amaposa kutali amene akufunika.

Peter Fox ndi Marcus Raichle anayeza zimenezi ku St. Louis m'chaka cha 1986, ndi makina a mtundu wina otchedwa PET. Ankanjenjemeretsa nsonga za zala za anthu n'kumayeza mbali ya ubongo imene imamva kukhudza. Kuyenda kwa magazi kunakwera ndi 29 peresenti, koma kudya okosijeni kunakwera ndi 5 peresenti yokha. Kafukufuku wa pambuyo pake wapeza kuti kudya okosijeni kumakwera kuposa pamenepo nthawi zambiri, komabe kuyenda kwa magazi kumakhalabe patsogolo kawiri kapena kuposa.

Manambala a Fox ndi Raichle amathandiza kuona mmene kuwalako kumabwerera. Munthu akamapuma, ubongo umachotsa pafupifupi magawo 40 pa magawo 100 aliwonse a okosijeni amene magazi abweretsa. Ntchito ikayamba, okosijeni wobwera amakwera kuchoka pa 100 kufika pa 129, pamene wodyedwa amangochoka pa 40 kufika pa 42. Magawo 42 pa 129 ndi pafupifupi 33 peresenti. Magazi otuluka pamalopo, amene poyamba anali atatula 40 peresenti ya okosijeni wawo, tsopano atula 33 yokha. Himogulobini wosokoneza maginito wachepa, mapulotoni a m'madzi akuyendera limodzi kwa nthawi yotalikirapo, ndipo malowo akuwala pang'ono. Chimene BOLD ikuonetsa ndi okosijeni wotsala amene maselo sanadye.

Pali chinthu chachitatu. Magazi akachuluka, mitsempha yowachotsa nayo imafufuma pang'ono, ndipo mtsempha wofufuma umasunga himogulobini wambiri wopanda okosijeni, zimene zimadetsa chithunzi. Ndiye kuti kuyenda kwa magazi kumakweza chizindikiro, pamene kudya okosijeni ndi kufufuma kwa mitsempha kumachitsitsa. Makina amapereka nambala imodzi yokha yochokera pa kukokana kwa zinthu zitatuzi, ndipo palibe njira yobwerera kuchoka pa nambala imodziyo n'kudziwa kuti chilichonse mwa zitatuzo chinasintha motani, pokhapokha zitayezedwa mwapadera.

Mmene dontho lofiira limapangidwira zimaoneka bwino pa kuyesa kumene kumachitika kawirikawiri, kwa kugwedeza zala. Munthu amagona m'makina, mutu wake utatsekerezedwa ndi timapilo kuti usasunthe, m'makutu atatsekamo chifukwa cha phokoso. Amauzidwa kuti akaona chizindikiro pagalasi azigunditsa chala chachikulu cha dzanja lamanja ku zala zinazo kwa masekondi 30, kenaka apume masekondi 30, n'kubwereza choncho kwa mphindi 5. Makina amajambula ubongo wonse masekondi 2 aliwonse, ndiye kuti pamapeto pali zithunzi 150. Chithunzi chilichonse chimagawidwa m'timabokosi totchedwa mavokiselo, kalikonse kotalika mamilimita 3 mbali zonse, ndipo ubongo wa munthu wamkulu umakwana timabokosi totere pafupifupi 50,000.

Munthu atayang'ana zithunzi 150 zija ndi maso sangaone kusiyana kulikonse. Pa kabokosi kamene kali m'mbali yoyendetsa dzanja lamanja, yomwe ili kumanzere kwa ubongo, kuwala kungachoke pa 1,000 kufika pa 1,020 zala zikamagwedezeka. Kumeneko ndi kusintha kwa 2 peresenti, ndipo pa ntchito za kuganiza kapena kukumbukira nthawi zambiri sikufika ngakhale 1 peresenti. Kugunda kwa mtima, kupuma, ndi kusuntha kwa mutu kosakwana milimita imodzi kungabweretse kusintha kofanana kapena koposa. N'chifukwa chake ntchitoyo imabwerezedwa. Kompyuta imayamba yawongola zithunzizo kuti zigwirizane, kenaka imajambula mzere wa mmene magazi akanayenera kukwerera ndi kutsikira malinga ndi nthawi zogwedeza zala, n'kufunsa pa kabokosi kalikonse ngati kuwala kwake kukutsatira mzerewo kuposa mmene zingachitikire mwangozi. Timabokosi topambana mayeso amenewa n'timene timapakidwa utoto, ndipo utotowo umaikidwa pamwamba pa chithunzi china chakuthwa cha ubongo chimene chinajambulidwa padera.

Dontho lofiira ndiye kuti ndi yankho la masamu. Limanena kuti pamalo apa kuwala kunasiyana modalirika pakati pa nthawi yogwedeza zala ndi nthawi yopuma. Malo otuwa sanagone. Ubongo wonse umagwira ntchito nthawi zonse ziwirizo, ndipo chilichonse chimene sichinasinthe pakati pa ziwirizo sichioneka. Komanso poti funso limodzimodzilo limafunsidwa ka 50,000, ngozi imapeza mpata. Wofufuza akalola cholakwa chimodzi pa mayeso 1,000 aliwonse, angayembekezere timabokosi 50 toyaka popanda chifukwa chilichonse. Craig Bennett ndi anzake anaonetsa vuto limeneli m'chaka cha 2009 ndi nsomba yakufa ya mtundu wa salimoni imene anaijambula m'makina: masamu osakonzedwa anapeza timabokosi toyaka m'mutu mwa nsombayo, ndipo atakonza masamuwo moganizira kuchuluka kwa mayeso, tonse tinazimiririka.

Ngakhale masamu atakhala olondola, chimene chayezedwa ndi magazi, ndipo magazi amachedwa. Selo la ubongo lotumiza mauthenga, lotchedwa nyuroni, limatulutsa kamphamvu ka magetsi kotha pafupifupi milisekondi imodzi, ndipo lingabwereze zimenezi kambirimbiri pa sekondi. Magazi amayamba kukwera patapita sekondi imodzi kapena ziwiri, amafika pachimake patapita masekondi 4 mpaka 6, ndipo amatsika pang'onopang'ono, nthawi zambiri mpaka kupitirira pansi pa pomwe anayambira, asanakhazikike patapita masekondi 20 kapena kuposa. Munthu amazindikira nkhope ya mbale wake pasanathe theka la sekondi. Zonse zimene maselo anauzana pa nthawi imeneyo, amene anayamba ndi amene anayankha, zimasanganikirana mu kukwera kumodzi kwa magazi. Kugula makina ojambula mofulumira sikuthetsa vutoli, chifukwa chochedwa si makina koma mitsempha. Kuchedwako kumasiyananso pakati pa mbali za ubongo, moti mbali imene yayamba kuwala siyenera kutengedwa ngati imene inayamba kugwira ntchito.

Malo nawonso amasokonekera. Kabokosi kamodzi ka mamilimita 3 kamakhala ndi manyuroni mazana a masauzande, ndipo ena mwa iwo angakhale akuwonjezera ntchito pamene ena akuchepetsa. Kuwonjezera apo, magazi otsala ndi okosijeni wambiri sakhala pomwe maselo ali. Amatsetsereka m'mitsempha yowachotsa, imene imakumana n'kupanga mitsempha ikuluikulu pamwamba pa ubongo. Pa matesila 1.5 ndi 3, mitsempha ikuluikuluyi ndi imene imapereka chizindikiro champhamvu kwambiri, choncho dontho lowala koposa likhoza kukhala mamilimita angapo kuchoka pa maselo amene anayambitsa zonse. Wodziwa ntchito amakayikira kabokosi kamene kasintha modabwitsa, monga 8 kapena 10 peresenti, makamaka kakakhala m'mphepete mwa ubongo, ndipo amayerekeza ndi chithunzi cha mitsempha. Makina a matesila 7 amachepetsako vutoli koma salithetsa.

Funso lovuta koposa ndi lakuti magazi amatsatira ntchito iti ya maselo. Nyuroni imachita zinthu ziwiri: imalandira mauthenga masauzande ochokera kwa anzake, ndipo ikakhutira imatumiza wake. Nikos Logothetis ndi anzake ku Tübingen, ku Germany, anakwanitsa m'chaka cha 2001 kuchita chinthu chovuta kwambiri, kuika timawaya tomvera magetsi muubongo wa anyani pamene anyaniwo akujambulidwa ndi fMRI. Anapeza kuti BOLD imagwirizana kwambiri ndi magetsi apang'onopang'ono amene amasonyeza mauthenga olowa ndi kukambirana kwa maselo a pamalopo, kuposa mauthenga otuluka. Panali malo ena amene maselo anatumiza mauthenga kwa kanthawi n'kusiya, koma magetsi a mauthenga olowa ndi BOLD zinapitirira. Zimenezi n'zomveka, chifukwa mphamvu zambiri za ubongo zimathera pa polumikizirana maselo, pomwe mauthenga amalandiridwa.

Komanso si uthenga uliwonse umene umalimbikitsa. Pafupifupi nyuroni imodzi pa zisanu zilizonse za m'chikuto cha ubongo ntchito yake ndi kuletsa zinzake, ndipo kuletsako nakonso kumadya mphamvu n'kuitana magazi. Gulu la Martin Lauritzen ku Copenhagen linasonyeza m'chaka cha 1998, pa kaubongo kakang'ono ka kumbuyo kwa mutu wa makoswe, kuti magazi akhoza kukwera pamene maselo aakulu otumiza mauthenga pamalopo atontholetsedwa. Munthu woima patali akaona amayi akupita ndi ndowa za madzi kunyumba ina kuyambira m'mawa amadziwa kuti pakhomopo pali zochitika, koma ndowazo sizimuuza ngati ndi ukwati kapena maliro. BOLD ili chimodzimodzi: dontho lomwelo lingatanthauze kuti maselo akutumiza mauthenga ambiri, kapena akuletsedwa mwamphamvu, kapena zonse ziwiri zikukokana popanda chotuluka. Ndipo nthawi zina magazi amabwera patsogolo. Yevgeniy Sirotin ndi Aniruddha Das ku New York anafalitsa m'chaka cha 2009 zimene anaona poyeza magazi ndi kuwala muubongo wa anyani ophunzitsidwa ntchito yobwerezabwereza. Ngakhale mumdima, magazi a m'mbali yoonera ankakwera motsatira nthawi imene nyaniyo ankayembekezera ntchito, pamene timawaya ta pamalopo sitinamve kusintha kofanana nako.

Popeza uthengawo umadutsa m'mitsempha, chilichonse chokhudza mitsempha chimausintha. Munthu akagwira mpweya kwa masekondi 20 ali m'makina, kaboni dayokusaidi amachuluka m'magazi, mitsempha imatanuka, ndipo BOLD imakwera pafupifupi muubongo monse popanda ganizo lililonse latsopano. Ofufuza ena amagwiritsa ntchito dala kugwira mpweya kumeneku kuti adziwe mmene mitsempha ya munthu aliyense imayankhira. Kafeini wa mu khofi ndi tiyi amafinya mitsempha ya muubongo n'kusintha poyambira pa muyeso. Kuchepa kwa magazi m'thupi kumachepetsa himogulobini amene chizindikirocho chimadalira. Ukalamba, kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga ndi sitiroko zimaumitsa kapena kuwononga mitsempha, ndipo mwa makanda kayankhidwe ka magazi kamakhala kochedwa, kofooka, nthawi zina kotembenuka. N'chifukwa chake kafukufuku wonena kuti ubongo wa okalamba umayaka pang'ono poyerekeza ndi wa achinyamata ayenera kufunsidwa ngati anayeza mitsempha padera. Akapanda kutero, kusiyanako kungakhale kwa mitsempha osati kwa maselo. Vutoli limakula chifukwa BOLD ilibe muyeso wokhazikika ngati madigiri a kutentha kwa thupi. Nambala 1,000 ija ndi ya makinawo tsiku limenelo basi, ndipo chimene chili ndi tanthauzo ndi kusintha kwake kokha.

Wina angafunse chifukwa chimene MRI singomvera magetsi a maselo mwachindunji, poti magetsi aliwonse oyenda amapanga kamphamvu ka maginito. Yankho lili pa kuchepa kwake. Maginito opangidwa ndi manyuroni, akayezedwa kunja kwa mutu, ndi ofooka ka mamiliyoni mazanamazana poyerekeza ndi a dziko lapansi. Amatha m'mamilisekondi ochepa, ndipo popeza maselo a m'kabokosi kamodzi amaloza mbali zosiyanasiyana, mphamvu zawo zambiri zimafafanizana. Zotsala zimamira m'phokoso la kupuma ndi kugunda kwa mtima. M'chaka cha 2022 magazini ya Science inafalitsa njira imene eni ake ankati ikuona ntchito ya manyuroni mwachindunji ndi MRI, koma m'chaka cha 2024 magulu ena amene anaibwereza ananena kuti sanapeze chizindikirocho. Njira zimene zimamvadi magetsi a ubongo popanda kutsegula mutu ndi EEG, imene imaika timawaya pakhungu la mutu, ndi MEG, imene imayeza maginito ofookawo m'chipinda chotchingidwa. Zimenezi zimadziwa nthawi mpaka pa milisekondi, koma zimavutika kuloza malo, makamaka akuya. Ofufuza ambiri amaziphatikiza ndi fMRI kuti ina ikwaniritse pomwe inzake yaperewera.

Malire amenewa amalemera kwambiri m'chipinda cha opaleshoni. Madokotala ochotsa chotupa muubongo amagwiritsa ntchito fMRI kuti adziwe pomwe pali mbali zoyendetsa dzanja ndi zolankhulira, ndipo imawathandiza kukonza polowera. Koma chotupa chimamera mitsempha yakeyake yosalongosoka, ndipo mitsempha yoyandikana nacho nthawi zina imakhala itatanuka kale mpaka pamapeto, moti singayankhenso maselo akaitana. Wodwala amagwedeza zala bwinobwino, manyuroni ake akugwira ntchito, koma pachithunzi malowo ali otuwa. Dokotala atakhulupirira chithunzicho akhoza kudula mbali yamoyo, wodwala n'kudzuka dzanja litafa. Pofuna kuzindikira vutoli, zipatala zina zimamuuza wodwala kuti agwire mpweya pojambula: malo amene sakuwala ngakhale pamenepo ndi malo amene BOLD singadaliridwe. Ndipo pamene chotupa chili pafupi ndi mbali yolankhulira, madokotala ambiri amamudzutsa wodwala pakati pa opaleshoni, n'kumakhudza pamwamba pa ubongo ndi kamagetsi kochepa pamene iye akuwerenga manambala kapena kutchula mayina a zinthu za pazithunzi. Pomwe mawu amuthawa amaikapo chizindikiro, ndipo pamenepo sadulapo, kaya chithunzi cha fMRI chinapakapo utoto kapena ayi.